Kumasulira mawu a besitimani m'Chingerezi popanda kutaya nthabwala ndi chikondi chake

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Ndirande akukwatira mtsikana wa ku Scotland amene anadziwana naye pamene mtsikanayo ankagwira ntchito mu mzinda wa Blantyre, ndipo phwando la ukwati lichitikira ku Glasgow. Besitimani ndi mnzake wa paubwana, amene amalankhula Chingerezi bwinobwino kuntchito, koma mawu ake a pa ukwatiwo wawakonza m'Chichewa chifukwa nthabwala zake zimabwera m'chilankhulo chimenechi. Alendo ambiri m'holomo sadzamva Chichewa, ndipo inu mwapemphedwa kuti mumasulire mawuwo m'Chingerezi kuti iye mwini akawalankhule. Malangizo otsatirawa akutsata ntchito imeneyi kuyambira tsiku limene mwailandira mpaka pepala lomaliza. Mfundo yoyenera kuigwira njira yonse ndi yakuti chiganizo chilichonse cha besitimani chili ndi chimene chikufuna kuchita kwa anthu omvera, kaya kuwaseketsa, kuwapatsa ulemu kapena kuwakhudza mtima, ndipo chimenecho ndi chomwe chiyenera kuwoloka.

Choyamba, musayambe ndi pepala limene wakupatsani. Mupempheni aime, alankhule mawu onse ngati mmene akalankhulire pa tsikulo, ndipo inu mujambule mawuwo pa foni. Chichewa cholankhula chimanyamula zinthu zambiri zimene munthu salemba. Papepala angalembe kuti mnzakeyo anadabwa atamuona mtsikanayo, koma polankhula adzanena kuti "anangoti kakasi, kukamwa yasaa", n'kuima pang'ono, n'kuonetsa ndi nkhope yake. Mukamasulira zapapepala zokha, mudzamasulira mawu ouma amene mwini wake sakanawalankhula choncho. Mukatha kujambula mumufunse zinthu zitatu: ndani adzakhala m'holomo, wapatsidwa mphindi zingati, ndipo pa nkhani zimene wafotokoza ndi ziti zimene mkwatibwi ndi makolo ake akuzidziwa kale.

Muyeneranso kudziwa zimene omvera a ku Britain amayembekeza. Pa maukwati ambiri a kwathu mawu aakulu amalankhula ndi ankhoswe, oimira mabanja ndi mlendo wolemekezeka, ndipo nthawi yambiri ya phwando imapita ku perekaniperekani. Ku Britain mwambo wake ndi wakuti amayamba bambo a mkwatibwi, kenako mkwati, ndipo besitimani amatsiriza. Anthu amadikira kuti iyeyo amuseka mkwati, amuyamikira mkwatibwi, kenako apempha onse kuti akweze matambula awo pofunira zabwino banja latsopano. Choncho omvera anu ndi okonzeka kuseka kuyambira pachiyambi, ndipo akadikira mphindi ziwiri osamva choseketsa amayamba kutaya chidwi.

Chachiwiri, lembani mawu onse amene mwajambula, ndipo m'mphepete mwa ndime iliyonse muike chizindikiro cha ntchito yake: apa ndi ulemu, apa ndi nthabwala, apa ndi pokhudza mtima, apa ndi pongolumikiza nkhani. Pa nthabwala iliyonse mudule mzere pansi pa liwu limodzi limene anthu amasekera akangolimva. Ntchito imeneyi imatenga mphindi zochepa, koma zonse zotsatira zimadalira iyo.

Chachitatu ndi malonje ndi maina a chibale. Besitimani wa kwathu amayamba ndi kupereka ulemu mwandondomeko, kwa abusa, kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kwa makolo, kwa akuluakulu, mpaka kwa amayi ndi abambo onse. M'Chichewa kudumpha munthu pamenepa ndi mwano, koma m'Chingerezi mndandanda wautali chotere umamveka ngati msonkhano wa boma. Muufupikitse kukhala ziganizo ziwiri, koma makolo a mbali zonse ndi ankhoswe muwatchule ndithu, chifukwa achibale amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Malawi adzakhala akumvetsera ngati aulemu awo atchulidwa. Liwu lakuti ankhoswe mulisiye m'Chichewa, ndipo muwonjezere chiganizo chimodzi chofotokoza kuti awa ndi achibale amene anakambirana za ukwatiwu m'malo mwa mabanja, amenenso banjali lidzathamangirako likadzasemphana maganizo. Mukawatcha mboni kapena alangizi m'Chingerezi mwawachepetsa udindo. Samalaninso ndi mawu monga mayi aang'ono ndi bambo aakulu, amene mukawamasulira liwu ndi liwu omvera adzaganiza kuti mukunena za msinkhu wa thupi. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, lija timati ankolo, la malume ndi bambo aang'ono omwe, ndiye ngati nkhaniyo ikudalira kuti munthuyo ndi malume, mwini mbumba, muyenera kunena kuti ndi mlongo wa amayi a mkwati.

Liwu lakuti mlamu likufunika kuliganizira padera. Besitimani si mbale wa mkwati wa magazi, koma akamutcha mkwatibwi kuti mlamu ndiye kuti wanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mkwatiyo ndi mbale wake, ndiponso kuti mtsikanayu walandiridwa m'banja moti tsopano angathe kuseka naye momasuka. Liwu la Chingerezi lofanana nalo limanena za ubale wobwera ndi lamulo la ukwati, ndipo ndi lozizira. Ine ndimalangiza kuti mlamu akhale mlamu. Besitimani alifotokoze kamodzi koyambirira, kenako azilitchula nthawi iliyonse akatembenukira kwa mkwatibwi, ndipo pofika kumapeto holo yonse idzakhala ikulidziwa.

Chachinayi ndi nthabwala, ndipo apa ndi pamene nthawi yanu yambiri idzathere, chifukwa nthabwala sizifanana. Zosavuta ndi zimene zakhazikika pa nkhani yochitika. Tinene kuti besitimani wanena kuti: "Tsiku limene mnzangayu anakakumana ndi mlamu wathuyu koyamba, suti inali ya malume ake, wotchi inali ya msuweni wake, nsapato zinali zanga. Chake chenicheni unali mtima wokha. Mlamu, mtimawo sungani, koma nsapatozo ndikuzifuna." Nkhani iyi imawoloka yonse, chifukwa kubwereka zovala pofuna kuoneka bwino kwa mtsikana kumamveka kulikonse. Chofunika kukonza ndi dongosolo la mawu. M'Chichewa chiganizo chomaliza chathera pa "ndikuzifuna", ndipo chimagwira chifukwa cha mmene liwulo limakokedwera. M'Chingerezi muchikonze kuti liwu lomaliza likhale nsapato, pakuti ndi limene anthu adzasekere, ndipo chilichonse chimene chingabwere pambuyo pake chidzamira m'phokoso la kuseka. Musungenso zinthu zitatu zija m'ndondomeko yake, suti, wotchi, nsapato, ndipo musawonjezere mawu ofotokoza kuti mnyamatayo anali wosauka. Kufotokozako kumasandutsa nthabwala kukhala chisoni pamaso pa apongozi ake.

Zovuta ndi nthabwala zimene zakhazikika pa liwu la matanthauzo awiri. Besitimani wathu akufotokoza za nthawi imene ankakhala limodzi pa lendi ndipo akuti: "Mnzangayu akaphika, nsima sinkapsa, ndiwo sizinkapsa, chimene chinkapsa unali mtima wa ife odikira." Chosekesa ndi liwu lakuti kupsa, limene limagwira pa chakudya ndi pa mkwiyo pomwe. Mukamasulira liwu ndi liwu, Chingerezi chidzanena kuti chakudya sichinkaphikika ndipo anthu ankakwiya, zimene ndi zoona koma palibe woseka. Njira yake ndi kufunsa kuti nthabwalayi yamangidwa bwanji: liwu limodzi la kukhitchini latembenukira pa mkwiyo. Kenako mufufuze ngati Chingerezi chili ndi liwu lake lochita zomwezo. Chili nalo, pakuti eni ake amanena kuti magazi a munthu wokwiya akuwira, monga mmene madzi amawirira pamoto. Choncho Chingerezi chanu, tikachibwezera m'Chichewa, chidzati: mnzangayu akalowa m'khitchini, chinthu chokhacho chimene chinkawira pa nthawi yake anali magazi athu. Nsima ndi ndiwo zatsala m'mbuyo, koma kamangidwe ka nthabwala, munthu wosekedwa ndi chithunzi cha anyamata anjala zonse zafika.

Sikuti nthawi zonse liwu lotere limapezeka. Mukafufuza osalipeza, musayese kufotokoza nthabwalayo pa maikolofoni, chifukwa nthabwala imene yayamba ndi kuphunzitsa anthu matanthauzo awiri a liwu imakhala yafa isanafike. Ichotseni, ndipo mubweze kuseka kumene kwatayikako pamalo ena pamene Chingerezi ndi omverawo akukupatsani mpata. Pa ukwati wathuwu mpata ulipo woonekeratu. Mzinda wa Blantyre unatchedwa dzinali ndi amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni yawo mu 1876, pokumbukira tauni ya Blantyre imene ili kufupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Besitimani angathe kunena kuti mkwati anatsanzikana ndi abale ake kuti akuchoka ku Blantyre, anayenda pandege usiku wonse, ndipo atatsika anapeza zikwangwani zolozabe ku Blantyre. Mbali zonse ziwiri za holo zidzaseka pamodzi. Koma nthabwala yowonjezera yotere ndi ya besitimani kuivomera kapena kuikana, chifukwa mawuwa ndi ake. Womasulira amangopereka ganizo.

Mtundu wachitatu ndi nthabwala zodalira zinthu zimene anthu a kwathu okha amazidziwa. Besitimani akati, "Ine wa Maule ndakhala paubwenzi ndi wa Manoma uyu zaka 20, ndiye mlamu musaope, ngati ine ndinapirira inunso mupirira," Mmalawi aliyense aseka asanamalize. Kwa alendo enawo pakufunika mawu ochepa okha, akuti awa ndi matimu awiri akuluakulu a mpira a mu mzinda umodzi amene otsatira ake sagwirizana. Mawu ofotokozawo abwere nthabwala isanayambe, kuti pofika pachimake pasakhale choimitsa. Pali chiyeso chofuna kusintha Maule ndi Manoma kuti akhale Celtic ndi Rangers poti ukwati uli ku Glasgow. Musachite zimenezo. Mkangano wa matimu awiri amenewo uli ndi mbiri ya kusiyana kwa Akatolika ndi Apulotesitanti, ndipo mlendo amene waulowetsa m'mawu a pa ukwati angakhumudwitse theka la banja la mkwatibwi osadziwa. Komanso besitimani akanena za matimu amene sanawaonerepo, anthu amamva kuti mawuwo si ake.

Palinso nthabwala zimene zimamasulirika mosavuta koma zikafika zimaluma. Kwathu kuuza munthu kuti wanenepa kungakhale kumuyamikira kuti akusamalidwa bwino, ndiye besitimani angafune kunena kuti mkwati wanenepa chiyambireni chibwenzi, kapena kulosera kuti mkwatibwi anenepa m'banjamo. Za mkwati zingathe kupita ngati muonetsa kuti ndi chiyamiko, koma za thupi la mkwatibwi zichotsedwe. Chimodzimodzinso nthabwala zakuti mkwatibwi aphunzire kuphika nsima kuti mwamuna asathawe, ndi zofunsa kuti mwana abwera liti. M'Chingerezi zoterezi zimamveka ngati lamulo loperekedwa kwa mkazi pagulu. Mumuuze besitimani mosabisa kuti chiganizo chakuti chikamveka motani, ndipo nthawi zambiri njira yake imakhala kutembenuzira nthabwalayo kwa mkwati, amene ndi munthu yekhayo amene mwambo wa tsikulo umalola kumuseka.

Za mawu ofanizira monga kakasi, zii ndi phi, musavutike kuwafunira anzake m'Chingerezi. Besitimani anene chiganizo m'Chingerezi, afike pa liwulo, alitchule m'Chichewa ndi nkhope yake yomwe ija munaiona pojambula. Limodzi kapena awiri m'mawu onse ndi okwanira.

Chachisanu ndi chikondi, ndipo chitsanzo chathu chili ndi malo amodzi ovuta kuposa nthabwala zonse. Chakumapeto besitimani akutembenukira kwa mkwati n'kunena kuti: "Kuyambira tili ana ndakhala ndikukuti iwe. Lero wakula. Kuyambira lero ndinu inu, a Phiri." M'holo ya kwathu pamenepa pamamveka nthungululu, ndipo ena amapukuta misozi, chifukwa aliyense akudziwa kulemera kwa kuchoka pa iwe kupita pa inu ndi kumutchula munthu ndi mfunda wake. Chingerezi cha masiku ano chili ndi liwu limodzi lokha la iwe ndi inu, kotero kuti kumasulira mwachindunji kumatulutsa chiganizo chopanda tanthauzo. Njira ziwiri zimagwira. Yoyamba ndi kusamutsa kusinthako kuchoka pa iwe ndi inu kupita pa maina: besitimani amutchule mkwati ndi dzina la paubwana kuyambira pachiyambi cha mawu ake mpaka pamenepa, kenako anene kuti dzinalo walitchula komaliza, n'kumutchula ndi dzina la ulemu. Kuti njirayi igwire, muyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuonetsetsa kuti dzina la paubwanalo lamveka kanayi kapena kasanu, apo ayi omvera sazindikira kuti china chasintha. Vuto lake ndi lakuti m'Chingerezi kumutchula mnzako ndi dzina la ulemu kungamveke ngati nthabwala kapena ngati kutalikirana naye.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda pa malo awa, ndi kufotokoza. Nthabwala imafa ikafotokozedwa, koma mawu okhudza mtima amapirira kufotokoza, ndipo nthawi zina amakula nako. Besitimani anene m'Chingerezi chosavuta kuti m'chilankhulo chathu muli njira ziwiri zolankhulira munthu, ina ya mwana ndi mnzako wosewera naye, ina ya munthu amene ukumupatsa ulemu, ndipo kuti kwa zaka zonsezi wakhala akugwiritsa ntchito yoyambayo. Kenako aime pang'ono, ayang'ane mkwati, ndipo ziganizo ziwiri zomalizazo azinene m'Chichewa momwe anazikonzera. Abale ochokera kumudzi adzayankha okha ndi nthungululu, ndipo kuyankha kwawoko kudzamasulira zotsalazo kwa alendo enawo.

Pa ndime zonse zokhudza mtima, pewani kukongoletsa Chingerezi. Besitimani akati, "Bambo anga atamwalira, uyu anagona pa siwa masiku onse, osachoka," musasinthe kukhala mawu aakulu onena za ubwenzi weniweni. Nenani zimene zinachitikazo, ndi mawu ochepa ofotokoza kuti kwathu anthu amachezera usiku pa nyumba ya maliro.

Miyambi muichite motere. Mwambi umene chithunzi chake chimaoneka chokha, monga wakuti mutu umodzi susenza denga, muumasulire momwe ulili ndipo besitimani anene kuti ndi mwambi wa kwathu. Ngati mukuona kuti omvera sangamvetse, onjezani kuti denga la nkhokwe kapena la nyumba ya udzu limamangidwira pansi ndipo anthu angapo amalinyamula pamodzi kulikweza. Musausinthanitse ndi mwambi wa Chingerezi wofanana nawo, chifukwa umenewo anaumva kambirimbiri ndipo sudzawagwira. Mwambi wonga wakuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima ndi wina: kwathu ungadutse ngati nthabwala ya pachilamu, koma m'Chingerezi makolo a mkwatibwi adzamva kuti banja lawo latchedwa laukali. Mwambi umodzi m'mawu onse ndi wokwanira.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuyesa. Pezani munthu amene Chingerezi ndi chilankhulo chake chobadwa nacho, wosadziwa Chichewa ndiponso wosadziwa nkhanizi, ndipo besitimani amulankhulire mawu onse popanda kumufotokozera kanthu. Inu mukhale ndi pepala lija munaikapo zizindikiro, ndipo muziyang'ana nkhope ya womverayo. Ngati waseka pamene munadula mzere, nthabwala yafika. Ngati waseka mochedwa, ndiye kuti liwu losekesa silili kumapeto kwa chiganizo. Ngati wafunsa kuti chakuti n'chiyani, pali chinthu chimene chinafunika kufotokozedwa nthabwala isanayambe. Ngati wamwetulira mwaulemu n'kuyang'ana pansi, chiganizocho chaluma, ndipo mumufunse chifukwa chake. Pambuyo pake muwerengere Chingerezicho Mmalawi amene akumudziwa besitimani, ndipo mumufunse ngati akumumvabe munthuyo m'mawuwo.

Muyesenso nthawi ndi wotchi. Munthu wolankhula pagulu mosathamanga amatchula mawu a Chingerezi pafupifupi 130 pa mphindi, ndiye mphindi zisanu zimafuna mawu pakati pa 600 ndi 650, ndipo muyenera kusiya mpata wa kuseka. Musadabwe kuona kuti Chingerezi chachuluka mawu kuposa Chichewa, pakuti liwu limodzi monga "ndinakamubwereka" limafuna mawu angapo m'Chingerezi. Ngati banja likufuna kuti mawu onse amveke m'zilankhulo ziwiri, nthawi idzawirikiza, ndipo nthabwala iliyonse idzasekedwa ndi theka la holo pamene theka lina likudikira. Ndi bwino kuti mawu onse akhale m'Chingerezi, kupatula moni, mawu ochepa aja monga mlamu ndi ankhoswe, ndi ziganizo za iwe ndi inu zija, ndipo agogo ndi ena osamva Chingerezi akhale pafupi ndi wachibale wowanong'oneza.

Pomaliza, mvetserani pamene lilime la besitimani likupunthwa. Liwu lililonse la Chingerezi limene walakwitsa kawiri poyeserera mulisinthe ndi lina losavuta, makamaka ngati ndi liwu losekesa, ndipo muchenjere ndi mawu amene tanthauzo lake limasintha l ndi r zikasinthana, popeza m'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa mawu. Mukatero musindikize mawuwo ndi zilembo zikuluzikulu, chiganizo chilichonse pa mzere wake, mawu a Chichewa muwadetse kuti aoneke, ndipo paliponse pamene ayenera kuima muike mzere wopanda kanthu. Pamwamba pa ndime yotsiriza mulembe chikumbutso chakuti atenge tambula m'manja ndi kupempha anthu kuti aimirire asanatchule maina a mkwati ndi mkwatibwi, chifukwa gawo limeneli mulibe m'mawu ake a Chichewa ndipo n'losavuta kuliiwala.